Kamasuliridwe ka masilaidi a Chingerezi m'Chichewa: mawu asasinthesinthe, ndipo akwane pamalo pake

Ntchito imabwera chonchi: bungwe lina lakonza maphunziro a kapewedwe ka kolera, lili ndi masilaidi a PowerPoint olembedwa m'Chingerezi, ndipo likufuna kuti anthu ongodzipereka a m'midzi awaone m'Chichewa. Akutumizirani fayilo, akuti ibwere pofika Lachisanu. Ambiri amatsekula silaidi yoyamba n'kuyamba kufufuta Chingerezi akulemba Chichewa pomwepo. Akafika pakati amapeza kuti chinthu chimodzi achitchula m'njira zitatu, ndipo mizere ina yasefukira pa zithunzi. Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi, kuyamba kulemba musanagamule mawu oti mugwiritse ntchito komanso musanadziwe kukula kwa malo amene muli nawo. Tiyenda ndi chitsanzo cha kolerachi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Choyamba: funsani amene adzawerenge ndi amene adzayankhule

Silaidi si buku. Imakhala pakhoma kamphindi kochepa, ndipo pambali pake pamakhala munthu amene akufotokoza. Choncho musanamasulire kalikonse funsani mwini ntchito mafunso awiri. Adzakhale pamipando ndani? Adzaimirire kutsogolo ndani?

Yankho la funso loyamba limasintha chiganizo chilichonse. Ngati omvera ndi anthu a m'mudzi eniake, mudzalemba kuti "Sambani m'manja". Ngati ndi alangizi a zaumoyo kapena anthu ongodzipereka amene akaphunzitse anzawo, mudzalemba kuti "Limbikitsani anthu kusamba m'manja". Chingerezi cha m'mabungwe chimakonda kubisa wochita ntchitoyo, pamene Chichewa chimafuna mumutchule. Funsaninso dera. Ngati masilaidiwo akupita ku Chipata kapena ku Lusaka, kumbukirani kuti ku Zambia amalemba c pamene ku Malawi timalemba ch, ndiye chimbudzi chimakhala cimbudzi. Zimenezi n'zofunika kuzidziwa tsiku loyamba, osati mutamaliza.

Kenako sungani fayilo ya Chingereziyo padera osaikhudza, ndipo gwirani ntchito pa ina yokopera, yoipatsa dzina losonyeza kuti ndi ya Chichewa.

Chachiwiri: sakani mawu onse, ngakhale obisika

Pitani pa View musankhe Outline View. Kumanzere kudzaoneka mitu ndi mizere ya masilaidi onse mondondozana, moti mutha kuwerenga phunziro lonse ngati nkhani imodzi. Werengani lonse musanalembe liwu ndi limodzi lomwe. Koma dziwani kuti pamenepa pamangooneka mawu a m'mabokosi enieni a mutu ndi a thunthu la silaidi. Mawu a m'mabokosi amene wolemba anachita kujambula yekha, a m'matebulo, a mu SmartArt ndi a pa magirafu saoneka. Amenewo muyenera kuwafufuza podutsa silaidi imodziimodzi.

Pali malo enanso atatu amene amaiwalika. Pansi pa silaidi iliyonse pali Notes, pamene wophunzitsa amalemba zoti adzanene. Pa View, mu Slide Master, mumakhala mawu amene amabwerezedwa m'munsi mwa masilaidi onse. Ndipo pali mawu amene ali mbali ya chithunzi, monga chithunzi cha ndowa chokhala ndi mivi ndi mayina, amene simungawasinthe polemba. Lembani manambala a masilaidi oterowo, mupemphe fayilo yoyambirira ya chithunzicho. Ikasowa, phimbani mawu a Chingereziwo ndi kabokosi ka mtundu wofanana ndi chithunzicho n'kulemba Chichewa pamwamba pake.

Chachitatu: pangani mndandanda wa mawu, muugamule

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo musathamangepo. Tsekulani Excel, mukonze madanga anayi: liwu la Chingerezi, Chichewa chimene mwasankha, Chichewa chake chachifupi ngati chilipo, ndi mawu amene mwawakana. Danga lomalizali anthu amaliona ngati losafunika, koma ndi limene lidzakuthandizeni pofufuza zolakwika pamapeto, chifukwa liwu limene munalikana Lolemba limabwerera lokha m'zala Lachitatu.

Musalowetse liwu lililonse. Lowetsani amene akubwera mobwerezabwereza, ndi amene atasokonekera angavulaze munthu. Pa phunziro la kolera mndandanda ungayambe chonchi:

```
diarrhoea      kutsekula m'mimba
dehydration    kuchepa kwa madzi m'thupi
safe water     madzi otetezeka
treat water    kuthira mankhwala m'madzi
household      pakhomo
```

Taonani nkhani ya madzi. M'masilaidi a Chingerezi mumapezeka mawu osiyana, ena onena za madzi ooneka bwino, ena onena za madzi opanda tizilombo toyambitsa matenda. Womasulira wofulumira amangoti "madzi oyera" ponseponse, kapena "madzi abwino". Koma phunziro lonse la kolera likutsindika mfundo yoti madzi atha kukhala oyera mbee m'maso koma ali ndi tizilombo. Mukalemba kuti "Imwani madzi oyera", mayi amene amatunga pachitsime chosatetezedwa koma chamadzi ooneka bwino aona kuti akutsatira kale malangizowo. Ndiye sankhani liwu limodzi la madzi amene awiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala, tinene "madzi otetezeka", mulifotokoze pa silaidi imene likuyamba kuonekera, ndipo musalisiyenso mpaka kumapeto. Kusukulu anatiphunzitsa kuti kubwereza liwu m'chimangirizo ndi ulesi. Pa silaidi ayi. Mukasintha liwu, womvera amaganiza kuti mwasinthanso chinthu chimene mukunena.

Kodi mawuwo muwatenge kuti? Yambani ndi zimene omverawo anamva kale: zikwangwani za Unduna wa Zaumoyo zomatidwa m'zipatala, mauthenga a pawailesi, ndi mmene alangizi a zaumoyo amayankhulira kusikelo. Madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi aja, anthu ambiri m'Malawi amangowatcha Thanzi. Ndi dzina la malonda, choncho funsani mwini ntchito ngati akulola kulitchula, kapena akufuna kuti palembedwe ORS monga zilili papaketi. Akasankha, lembani mumndandanda. Pa kalembedwe ndi matanthauzo, Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies ku Zomba amathandiza, koma pa silaidi liwu lodziwika kumudzi limaposa liwu lolondola limene palibe analimvapo. Sopo ndi sopo, kolera ndi kolera. Musavutike kupeka Chichewa chatsopano pa zinthu zimene anthu ali nalo kale dzina.

Pansi pa mndandandawo lembaninso zigamulo za kalembedwe. Mulemba kutsekula kapena kutsegula? Mawu kapena mau? Mugwiritsa ntchito chilembo cha ŵ kapena w wamba? Ngati mwasankha ŵ, yesani kaye ngati mtundu wa zilembo wa masilaidiwo uli nacho, chifukwa mitundu ina yokongoletsa ilibe, ndipo chilembocho chimaoneka chachilendo pakati pa zinzake.

Gamulaninso gulu la dzina lililonse lalikulu. Mukati "matenda a kolera" mudzati amafala, ndi oopsa. Mukati "nthenda ya kolera" mudzati imafala, ndi yoopsa. Zonse n'zolondola, koma sankhani chimodzi. Chifukwa chake chioneka tikafika posintha mawu.

Mukamaliza, tumizani mndandandawo kwa mwini ntchito kapena kwa wazaumoyo wawo kuti auvomereze musanapitirire. Kukangana pa mawu makumi awiri lero n'kosavuta kusiyana ndi kukonza masilaidi onse mawa. Ngati mukumasulira muli awiri kapena atatu mogawana masilaidi, mndandandawo ukhale umodzi, ndipo wowonjezeramo liwu adziwitse anzake tsiku lomwelo.

Chachinayi: yezani malo

Tsopano dziwani kuti bokosi lililonse limalowa zilembo zingati. Dinani kumanja pa bokosi la mawu, musankhe Format Shape, kenako Text Options ndi Text Box. Muona zosankha zitatu: Do not Autofit, Shrink text on overflow ndi Resize shape to fit text. Mabokosi ambiri amakhala pa chachiwiricho, chimene chimachepetsa zilembo chokha mawu akachuluka. Chimenechi ndi chonyenga. Inu mumaona kuti zonse zakwana, osadziwa kuti zilembo zatsika kuchoka pa 28 kufika pa 16, ndipo silaidi iliyonse ili ndi kukula kwakekwake. Sankhani Do not Autofit kuti mawu akachuluka asefukire poyera, muwaone.

Kenako lembani chiganizo chilichonse cha Chichewa mubokosilo mpaka mzere umodzi udzaze, muwerenge zilembo zake pamodzi ndi mipata. Chitani chimodzimodzi pa bokosi la mutu. Manambala awiriwo ndiwo malire anu. Tinene kuti pa masilaidi athuwa mutu umalowa zilembo 35 pamzere umodzi, ndipo mzere wa thunthu umalowa 50.

Mu Excel muja tsekulani tsamba lachiwiri. Danga A likhale la nambala ya silaidi, B la Chingerezi, C la Chichewa, ndipo mu D lembani kuti:

```
=LEN(C2)
```

Kokerani m'munsi mizere yonse. Tsopano mukamalemba Chichewa mudziona nthawi yomweyo ngati chapitirira malire. Kumasulirira mu Excel kuli ndi ubwino winanso, woti ziganizo zofanana mumaziona zili pafupi, ndipo wowunika ntchito yanu amaona zinenero ziwirizo mbali ndi mbali.

Pa kukula kwa zilembo, ine sindilola kuti mawu a thunthu atsike kupitirira 24 ngati phunziro lidzachitikire m'kalasi kapena m'tchalitchi momwe kuwala kumalowa m'mawindo opanda makatani. Mawu akakana kukwana pa 24, vuto ndi la mawuwo, osati la zilembo.

Chachisanu: masulirani mfundo, osati mzere

Tiyeni titenge silaidi imodzi tiigwire yonse.

```
Prevention of Cholera Transmission at Household Level
- Community members should be encouraged to wash their
  hands with soap after using the toilet
- Treat drinking water
- Dissolve one sachet of ORS in 1 litre of safe water;
  discard after 24 hours
```

Mutuwo uli ndi zilembo 53. Woutsata liwu ndi liwu alemba kuti "Kapewedwe ka kufala kwa matenda a kolera pa mlingo wa pabanja", zilembo 61, ndipo palibe Mchewa amene amayankhula choncho. Dzifunseni kuti mutuwo ukuti chiyani kwenikweni. Ukuti "Kupewa kolera pakhomo". Zilembo 21, ndipo palibe chimene chatayika. Wopewa kolera wapewa kufala kwake, ndipo kachilembo ka pa kanyamula kale zonse zimene Chingerezi chinafunira mawu atatu.

Mzere woyamba uli ndi zilembo 91. Womasulira mokhulupirika mopitirira muyeso ati "Anthu a m'dera ayenera kulimbikitsidwa kusamba m'manja mwawo ndi sopo akamaliza kugwiritsa ntchito chimbudzi", zilembo 108, mizere itatu. Chotsani zimene Chichewa sichifuna. "Mwawo" ndi wosafunika, pakuti munthu sasamba m'manja mwa mnzake. "Akamaliza kugwiritsa ntchito chimbudzi" ndi Chingerezi chovala zilembo zathu, ife timati akachoka kuchimbudzi. "Ayenera kulimbikitsidwa" asanduke lamulo lolunjika kwa amene ali pampando. Kwa anthu a m'mudzi: "Sambani m'manja ndi sopo mukachoka kuchimbudzi", zilembo 46, mzere umodzi. Kwa ongodzipereka amene akaphunzitse ena: "Limbikitsani anthu kusamba m'manja ndi sopo akachoka kuchimbudzi", zilembo 64, mizere iwiri.

Mwaona kuti pamenepa Chichewa chafupika kuposa Chingerezi. Anthu amati Chichewa n'chachitali, ndipo nthawi zina n'zoona, koma kutalika kwambiri kumabwera chifukwa chonyamula katundu wa Chingerezi amene sitikumufuna. Mneni wathu amasenza zambiri m'liwu limodzi: "mukachoka" muli wochita, muli nthawi, muli ndi ntchito. Gwiritsani ntchito mphamvu imeneyo. Paliponse pamene mwalemba "kugwiritsa ntchito", "kuonetsetsa kuti", "ndi cholinga choti" kapena "pa nkhani ya", imani kaye muone ngati mneni mmodzi sangakwanire. Kugwiritsa ntchito sopo posamba ndi kusamba ndi sopo basi.

Mzere wachiwiri ndi umene umatalikadi. Chingerezi chili ndi zilembo 20, pamene "Thirani mankhwala m'madzi akumwa" ndi 32. Palibe chodula apa, ndipo musayese. Mizere yaifupi ya Chingerezi, makamaka mayina a zinthu za sayansi, ndiyo imakula m'Chichewa chifukwa timafotokoza chinthucho m'malo mongochitchula. Liwu limodzi lija la mumndandanda, dehydration, la zilembo 11, lasanduka "kuchepa kwa madzi m'thupi", zilembo 25. Malo amene mwapulumutsa pa ziganizo zazitali ndi amene mumalipirira mawu oterewa. Funsaninso wazaumoyo ngati mzerewu ukuphatikizapo kuwiritsa madzi. Ngati ndi choncho ukhala "Wiritsani madzi akumwa kapena thiranimo mankhwala".

Mzere wachitatu ndi wofunika kusamala nawo koposa. Muli malangizo awiri, ndiye augaweni pawiri: "Sungunulani paketi imodzi ya ORS mu lita imodzi ya madzi otetezeka", kenako "Tayani wotsala pakatha maola 24". Woyambayo atenga mizere iwiri, ndipo mulekeni atero. Pali zinthu zimene sizidulidwa ngakhale malo atachepa motani: manambala, miyeso, nthawi, mawu okaniza, ndi mawu oika malire monga "pokhapokha" kapena "ngati". Mukafupikitsa kuti "Sungunulani ORS m'madzi", wina adzasungunula paketi yonse m'kapu imodzi n'kumwetsa mwana madzi a mchere wochuluka. Musasinthenso lita kukhala makapu kapena mabotolo mwa nzeru zanu, chifukwa makapu amasiyana kukula. Ngati mukuona kuti lita siimveka kumudzi, uzani mwini ntchito, iye agamule muyeso woti ulembedwe.

Manambala akuluakulu lembani ndi zizindikiro zake. Maola 24 ndi afupi kuposa maola makumi awiri ndi anayi, ndipo ndi mmene anthu amanenera.

Chomaliza pa silaidiyi, yang'anani mawu oyambira mizere: Sambani, Thirani, Sungunulani, Tayani. Onse ndi olamula mwaulemu. Musasakanize kuti wina ayambe ndi "Kusamba", wina ndi "Muyenera", wina ndi "Tiyeni". Mizere ikayamba mofanana diso limathamanga, ndipo wophunzitsa amaiwerenga mosapunthwa. Mitu nayonso ikhale ndi kamangidwe kamodzi: Kupewa kolera pakhomo, Kuzindikira zizindikiro za kolera, Kuthandiza wodwala.

Chachisanu ndi chimodzi: zikakanabe kukwana

Pali njira zingapo, ndipo muziyese motsatana. Yoyamba ndi kusamutsa. Zifukwa, zitsanzo ndi mafotokozedwe apite ku Notes kuti wophunzitsa adzanene pakamwa, pa silaidi patsale chochita. Koma funsani kaye ngati ophunzira adzapatsidwa masilaidiwo osindikizidwa papepala, chifukwa zikatero zimene mwasamutsazo sadzaziona. Yachiwiri ndi kugawa silaidi pawiri, n'kuika (1) ndi (2) pamutu. Mukatero manambala a masilaidi asuntha, ndiye dziwitsani mwini ntchito, popeza buku la wophunzitsa lingakhale likutchula manambala akale. Yachitatu ndi kukulitsa bokosi kapena kuchepetsa chithunzi pang'ono. Kuchepetsa zilembo kubwere pamapeto penipeni, ndipo mukachepetsa, chitani pa masilaidi onse kudzera mu Slide Master kuti afanane.

Matebulo ndi timabokosi ta mivi ndi amene amavuta kwambiri. Mawu athu ndi aatali, ndipo PowerPoint ikapeza liwu losakwana m'danga lopapatiza imalidula paliponse pamene yafuna, n'kutsitsa chilembo chimodzi kapena ziwiri pamzere wina. Apa ndi pamene danga la Chichewa chachifupi la mumndandanda limagwira ntchito. Pa silaidi yofotokoza munalemba "mlangizi wa zaumoyo", mutebulo mulemba "mlangizi". Munalemba "matenda a kolera", mutebulo "kolera". Chachifupicho chichokere m'chachitalicho, chisakhale liwu lina latsopano.

Onaninso pamene mizere ikudukira. Timawu monga wa, ya, ndi, ku tisatsale tokha kumapeto kwa mzere. Ikani kalozera patsogolo pa kaliwuko n'kudina Shift+Enter kuti katsike pamodzi ndi liwu lake popanda kuyambitsa kadontho katsopano. Izi muchite pomalizira, mawu onse atakhazikika. Mitu ya Chingerezi imayambitsa mawu ambiri ndi chilembo chachikulu, koma m'Chichewa chachikulu chikhale choyamba chokha ndi cha mayina. Mawu olembedwa onse ndi zilembo zazikulu amadya malo ambiri ndipo amawerengeka movutikira.

Chachisanu ndi chiwiri: letsani kompyuta kukukonzerani Chichewa

Sankhani mawu a m'bokosi, mupite pa Review, Language, Set Proofing Language, n'kuchonga Do not check spelling kuti timizere tofiira tichoke. Pa File, Options, Proofing, AutoCorrect Options, zimitsani Replace text as you type kuti pulogalamuyo isasandutse mawu anu kukhala a Chingerezi ofanana nawo.

Tsopano tengani danga la mawu okanidwa lija. Ndi Ctrl+F fufuzani lililonse: "madzi oyera", "nthenda", "kutsegula". Mukalipeza likonzeni ndi dzanja. Chenjerani ndi Replace All ya pa Ctrl+H. M'Chingerezi kusintha dzina limodzi ndi lina sikugwedeza chiganizo, koma kwathu dzina limakoka mawu onse otsatira. Mukalamula kuti "nthenda" asanduke "matenda" paliponse, mupeza kuti "matenda ya kolera imafala", ndipo kompyuta siidzakuuzani kanthu. Choopsa china n'choti kaliwu kakafupi kamapezeka m'kati mwa mawu ena: mukasintha "mau" kukhala "mawu" osachonga Find whole words only, "mauthenga" nawo asanduka "mawuthenga".

Kachizindikiro ka mu m'madzi ndi m'manja nakonso kamasokoneza. Kolembedwa mu Excel kamakhala kowongoka, kolembedwa mu PowerPoint kamapindika, ndipo pofufuza nthawi zina mtundu wina supezeka. Fufuzani "madzi" kapena "manja" popanda chiyambi chakecho kuti muone zonse.

Chachisanu ndi chitatu: yesani pakhoma, ndi munthu

Dinani F5, muonetse masilaidiwo ndi pulojekita ngati ilipo, inu mukaime kumbuyo kwa chipinda. Popanda pulojekita, ikani laputopu patebulo mubwerere m'mbuyo mamita awiri kapena atatu. Chimene simungawerenge pamenepo, wokhala pabenchi yomaliza sadzachiwerenganso. Werengani silaidi iliyonse mokweza. Lilime likapunthwa, pali Chingerezi chimene chatsalira pansi pa chiganizocho.

Kenako pezani munthu wofanana ndi omvera enieni, amene sanaonepo fayilo ya Chingerezi. Musamufunse ngati zikumveka, chifukwa mwaulemu wathu adzangoti zikumveka. Musonyezeni silaidi, muitseke, n'kumufunsa kuti, "Mayi, mwana akayamba kutsekula m'mimba usiku, mupanga bwanji ndi paketi ija?" Akatchula lita imodzi, madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndi kutaya wotsala pakatha tsiku lathunthu, silaidiyo yagwira ntchito. Akasiya chimodzi, bwererani pa mzere umenewo.

Potumiza, perekani zinthu zitatu: fayilo ya PowerPoint, ina ya PDF yosonyeza mmene masilaidi ayenera kuonekera popeza zilembo zimasintha pa kompyuta ina, ndi mndandanda wa mawu uja. M'kalata yotumizirayo tchulani masilaidi amene mwawagawa pawiri, zimene mwasamutsira ku Notes, ndi zithunzi zimene zikadali ndi Chingerezi chifukwa fayilo yake yoyambirira sinapezeke.